Kalembedwe ka imelo ya ndime zitatu yosimba nkhani ya kasitomala

Wogulitsa akanena kuti katundu wake ndi wabwino, wogula amangomva n'kupitirira, chifukwa wogulitsa aliyense amanena zomwezo. Chimene chimamuimitsa ndi kumva kuti munthu wa ntchito yofanana ndi yake anali ndi vuto lomwe iye ali nalo, anachitapo chakutichakuti, ndipo zinatha motere. Imelo yosimba nkhani ya kasitomala imagwira ntchito imeneyo. Ndi yaifupi, ya mawu 150 kapena 200 basi, ndipo ili ndi ndime zitatu. Yoyamba imanena mmene zinthu zinalili, yachiwiri imanena chimene chinachitidwa, yachitatu imanena zotsatira ndi kupempha wowerenga chinthu chimodzi.

Kulemba kwenikweniko sikutenga ola. Nthawi yambiri imathera pa kupeza mfundo zoona zoti mulembe, ndipo ambiri amene imelo yawo siyankhidwa analakwitsa pamenepo, asanagwire n'komwe foni kapena kompyuta.

Kuti tisalankhule zam'mwamba, titsata chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Tiyerekeze kuti muli ndi sitolo ya zipangizo za ulimi ku Chipata, ndipo mumagulitsa matumba osalowa mpweya osungiramo chimanga ndi nyemba, aja okhala ndi mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja, monga a PICS. Chaka chatha munagulitsa matumba 120 ku sukulu ina yogonera komweko ya ku Katete. Tsopano mukufuna kuti sukulu zina za ku Petauke, Chadiza ndi Lundazi zigule. Sukuluyo, manambala ake ndi mitengo yake ndi zongoyerekezera, inu mudzaikapo zanu zenizeni. Maofesi ambiri kuno amalemberana m'Chingerezi, ndipo ngati wanu ndi wotero lembani m'Chingerezi, kamangidwe kake n'komweka.

Yambani ndi wowerenga, kasitomala adzabwera pambuyo

Musanasankhe nkhani, tchulani munthu amene adzaitsegule. Osati "masukulu", koma msungichuma wa sukulu yogonera komweko, amene amagula chimanga chambiri nthawi yokolola mtengo uli pansi, n'kuchisunga kuti ana adye mpaka kutseka kwa temu yachitatu mu Disembala. Munthu ameneyu akawerenga za mlimi wa ku Vubwi amene anasunga bwino matumba asanu, adzati n'zabwino koma sizikundikhudza. Akawerenga za msungichuma mnzake wa matumba oposa 100, sitolo yofolera ndi malata, ndi bodi imene imafunsa kuti chakudya chapita kuti, adzadziona yekha m'nkhaniyo.

Choncho kasitomala woyenera si amene anagula zambiri kuposa onse, kapena amene mumagwirizana naye kwambiri. Ndi amene akufanana ndi wowerenga pa kukula kwa ntchito ndi pa vuto, amene wagwiritsa ntchito katunduyo nthawi yokwanira kuti zotsatira zioneke, komanso amene amalemba zinthu zake m'buku. Mfundo yomalizayi musaipeputse. Kasitomala wosangalala koma wopanda buku adzakupatsani mawu okoma okhaokha, ndipo mawu okoma wowerenga ali nawo kale ochuluka. Ngati mumagulitsanso kwa makopaletivi a alimi a nshawa kapena soya, amenewo akufuna imelo yawoyawo yokhala ndi nkhani ya kopaletivi. Imelo imodzi isayese kukwanira onse.

Kukacheza ndi kasitomala

Pitani nokha ngati n'kotheka. Foni imathandiza, koma buku la m'sitolo simungalione pa foni. Pemphani mphindi 20, ndipo nenani poyera chimene mwadzera: mukufuna kulemba nkhani yawo yaifupi yoti anzawo a sukulu zina awerenge, ndipo simudzatumiza kanthu asanaone.

Funso lakuti "Matumba aja akukuthandizani?" musalifunse. Munthu waulemu adzayankha kuti "Kwambiri, zikomo," ndipo mudzabwerera chimanjamanja. Funsani za nthawi imene munali musanafike: "Chaka chija musanagule matumbawa, munagula chimanga chochuluka bwanji, ndipo munachisunga motani?" Akayankha, tsatirani: "Munayamba kuona anankafumbwe mwezi uti? Anayamba kukuuzani ndani?" Mafunso a mwezi ndi a munthu amakumbutsa zinthu zenizeni. Apa ndi pamene mungamve kuti ophika ndi amene anayamba kudandaula mu Okutobala, kuti akatsegula thumba amapeza fumbi pansi, ndipo ana amakana nsima ya fungo.

Kenaka pemphani nambala, ndipo pemphani kuiona. Ngati msungichuma wanena kuti "tinataya pafupifupi theka," musalembe theka. Kukumbukira kumakulitsa mavuto akale, makamaka munthu akamafuna kukusangalatsani. Nenani kuti, "Tingaone m'buku?" M'chitsanzo chathu, buku likusonyeza kuti mwa matumba 120 a makilogalamu 50, matumba 14 analembedwa kuti ndi owonongeka pofika Disembala. Chaka chotsatira, atasunga m'matumba anu, owonongeka anali awiri. Nambala 14 ndi yaing'ono poyerekeza ndi theka, koma ndi imene msungichuma wina angaikhulupirire, chifukwa akudziwa mmene zimakhalira m'sitolo yake.

Onetsetsani kuti manambala awiriwo akuyeza chinthu chimodzi. Kodi zaka zonse ziwiri chimanga chinalowa mu Juni n'kuwerengedwa mu Disembala? Kodi kuchuluka kwake kunali kofanana? Ngati chaka chachiwiri anangosunga miyezi itatu, kuyerekezako kulibe tanthauzo, pakuti anankafumbwe amachuluka nthawi ikamapita ndiponso kukamatentha.

Pali funso lina limene ogulitsa amaliopa koma ndi lofunika kuposa onse: "Chinanso chimene munasintha chaka chimenecho n'chiyani?" Mwina anakonza denga limene linkadontha. Mwina anayamba kuyanika chimanga asanachisunge, kapena anasintha mlimi wowagulitsa. Ngati zilipo, ndiye kuti si matumba okha amene anatsitsa nambalayo, ndipo muyenera kuzitchula m'ndime yachiwiri. Mukazibisa, wogula watsopano adzagula matumba, adzathiramo chimanga chachinyezi, chidzachita nkhungu, ndipo nkhani imene idzamveke m'masukulu idzakhala imeneyo.

Funsaninso za matumba awiri aja. Anawonongeka bwanji? Tinene kuti makoswe anawaboola chifukwa anatsamira khoma, mpweya n'kulowa. Lembani zimenezo, mudzazifuna.

Pomaliza, mvetserani chiganizo chimodzi chimene mwiniwake wanena mwa iye yekha, ndipo chilembeni mmene wachinenera. Mawu ngati "Chaka chino ophika sanabwere ku ofesi kwanga ndi mbale ya fumbi" ndi amene mukufuna. Mawu ngati "Ndife okhutira ndi katundu wapamwamba wa kampaniyi" aliyense amadziwa kuti analemba ndi wogulitsa, ngakhale atasainira ndi kasitomala.

Chilolezo

Nkhaniyo ndi ya kasitomala, ndipo muli zinthu zimene zingamuchititse manyazi. Kunena kuti sukulu inataya matumba 14 a chakudya cha ana si nkhani yaing'ono kwa makolo ndi kwa bodi. Msungichuma akhoza kukuuzani zonse, koma dzina la sukulu si lake. Chilolezo cha dzina chichokere kwa aphunzitsi aakulu kapena kwa amene ali ndi udindo wolankhulira sukuluyo.

Pemphani zinthu zitatu padera: kutchula dzina la sukulu, kutchula manambala, ndi kugwiritsa ntchito mawu a munthu pamodzi ndi udindo wake. Ena amalola manambala koma amakana dzina. Zimenezo zilibe vuto, mudzalemba kuti "sukulu ina yogonera komweko ya ku Katete", ngakhale muyenera kudziwa kuti m'boma la sukulu zotere zochepa anthu akhoza kuiganizira. Ngati zimenezonso zikuwadetsa nkhawa, nenani kuti "kuno kum'mawa". Mukamaliza kulemba, atumizireni imelo yonse mmene idzapitire, ndipo yankho lawo lovomereza likhale lolembedwa, kaya pa imelo kaya pa WhatsApp, mulisunge. Zambia ili ndi lamulo loteteza zokhudza munthu payekha la 2021, ndipo dzina, nambala ya foni ndi chithunzi cha munthu zili m'gulu limenelo. Nambala ya foni ya kasitomala musaiike mu imelo. Ngati wowerenga akufuna kulankhula naye, yambani mwafunsa mwiniwake.

Ndime yoyamba: mmene zinalili

Ambiri amayamba chonchi:

> Ife ndife sitolo yodalirika ya zipangizo za ulimi ku Chipata, ndipo takhala tikutumikira alimi ndi mabungwe kwa zaka zambiri. Ndife okondwa kukudziwitsani za matumba athu amakono.

Wowerenga akafika pa "ndife okondwa" watseka kale. Palibe chimene waphunzira, ndipo ndimeyo ikunena za inu. Ndime yoyamba ndi ya kasitomala yekha: ndani, ali kuti, ntchito yake ndi yaikulu bwanji, chinavuta n'chiyani, ndipo chinamudyera zingati. Dzina la sitolo yanu lisaonekemo. Ziganizo zitatu kapena zinayi zakwana.

> Sukulu ina yogonera komweko ya ku Katete imagula matumba 120 a chimanga mu Juni chaka chilichonse, kuti afike mu Disembala. Chaka china, ngakhale anathira mankhwala, pofika Okutobala ophika anayamba kupeza fumbi ndi anankafumbwe m'matumba. Potseka sukulu, buku la m'sitolo linasonyeza matumba 14 owonongeka, ndipo anachita kugula chimanga china mtengo utakwera.

Onani kuti mawu akuti "ngakhale anathira mankhwala" akugwira ntchito yaikulu. Wowerenga wanu nayenso amathira mankhwala, ndipo funso lake loyamba likanakhala lakuti kodi anzathuwo sanathire? Mwamuyankha asanafunse. Komanso mwasonyeza kuti kasitomala sanali wosasamala. Musamupange chitsiru kuti katundu wanu aoneke wanzeru, chifukwa wowerenga akudziika m'malo mwake, ndipo mukanyoza kasitomala mwanyoza iyenso.

Vuto likhale limodzi. Mwina sukuluyo inavutikanso ndi nyemba, ndi mayendedwe, ndi kuchedwa kwa ndalama, koma mukaunjika zonse wowerenga sadziwa kuti nambala ya m'ndime yachitatu ikuyankha vuto liti.

Ndime yachiwiri: chimene chinachitidwa

Apa ndi pamene katundu wanu akulowa, ndipo apa ndi pamene dzanja limayabwa kuti mulembe ubwino wake wonse. Dziletseni. Mwini zochita akhalebe kasitomala. Lembani zimene anachita motsatana, kuti wowerenga aone ngati iye angakwanitse ndi antchito amene ali nawo.

> Chaka chotsatira anagula kwa ife matumba 120 osalowa mpweya. Anayamba ayanika chimanga masiku awiri mpaka chinauma bwino, kenaka antchito anayi anathira ndi kumanga matumba onse m'masiku atatu, pulasitiki iliyonse payokha, n'kuwasanjika pa mapulanga kutali ndi khoma. Mankhwala sanathire: mpweya ukatha mkati, tizilombo timafa tokha.

Ndimeyi ikuyankha mafunso amene munthu wosunga ndalama za ena amakhala nawo: zitenga anthu angati, masiku angati, ndipo ndisinthe chiyani. Kagwiridwe ka katunduyo kapatsidwa chiganizo chimodzi chokha, ndipo n'chokwanira, chifukwa wofuna zambiri adzafunsa. Kuyanika kwatchulidwa poyera chifukwa ndi malire enieni a matumbawa. Chimanga chiyenera kuuma kufika pa chinyezi cha 13 peresenti kapena kutsikirapo, apo ayi chinyezicho chimatsekeredwa mkati limodzi nacho. Bizinesi iliyonse ili ndi malire otere. Wogulitsa mapampu a dzuwa a m'dimba ali ndi kuya kwa chitsime kumene pampu yake singapitirire, wokonza mabuku a ndalama amafuna malisiti onse. Malire anuwo atchuleni m'ndime ino ngati chinthu chimene kasitomala anachita, ndipo sadzamveka ngati chenjezo loopsa.

Njira yodziwira kuti ndimeyi yasokonekera ndi kuwerenga mawu akuti "ife", "athu" ndi "tima-". Akaposa awiri, nkhani yasanduka chilengezo cha malonda. Chizindikiro china ndi mawu otamanda opanda muyeso, monga "apamwamba", "amakono", "odalirika". Paliponse pamene mwawapeza, dzifunseni kuti chinachitika n'chiyani chimene chinakupangitsani kunena choncho, ndipo lembani chochitikacho m'malo mwake.

Ndime yachitatu: zotsatira ndi pempho limodzi

Bwererani ku nambala ya m'ndime yoyamba, pa muyeso womwewo ndi nthawi yomweyo.

> Pofika Disembala, matumba owonongeka anali awiri mwa 120, ndipo onse awiri anabooledwa ndi makoswe chifukwa anasunthidwira kukhoma. Msungichuma wawo anati, "Chaka chino ophika sanabwere ku ofesi kwanga ndi mbale ya fumbi." Ngati inunso mugula chimanga Juni akubwerayu, ndiyankheni ndi chiwerengero cha matumba amene mumasunga, ndipo ndidzakutumizirani mtengo wake Lachisanu lisanafike.

Tasiya manambalawo ali matumba, sitinawasandutse maperesenti. Matumba 14 mwa 120 ndi 11.7 peresenti, awiri ndi 1.7 peresenti, ndipo wina akhoza kulemba kuti kuwonongeka kunatsika ndi 86 peresenti. Zonsezo n'zoona, koma msungichuma amawerenga matumba, ndipo peresenti yaikulu yopanda chiwerengero choyambira imadzutsa chikayiko. Matumba awiri aja musawafufute. Nkhani yopanda banga lililonse anthu saikhulupirira, ndipo chifukwa chake chowonongekera chikuphunzitsa wogula watsopano kusanjika bwino.

Nkhani ya ndalama imafuna kusamala kwapadera. N'zokopa kulemba kuti sukuluyo inapulumutsa matumba 12, ndipo pa mtengo woyerekezera wa K300 pa thumba ndi K3,600. Koma wowerenga adzachita masamu ake. Ngati thumba lanu lili pa K35, matumba 120 ndi K4,200, kutanthauza kuti chimanga chopulumutsidwa chokha sichinabweze ndalama chaka choyamba. Chimene chimathandizira ndi mankhwala amene sanagule, ndiponso kuti thumba losabooka limagwiranso ntchito chaka chotsatira. Ndiye muli ndi njira ziwiri zoongoka. Mukatchula ndalama zopulumutsidwa, tchulaninso zimene anawononga ndi nthawi imene zinabwerera. Ngati malo sakulola, siyani ndalama zonse, mudzazifotokoza potumiza mtengo. Chosaloleka ndi kutchula phindu n'kubisa mtengo. Kupatula kuti kumaononga dzina lanu, lamulo la 2010 loteteza ogula, limene bungwe la CCPC limayang'anira, limaletsa kusocheretsa wogula pa zimene katundu angachite. Pa chifukwa chomwecho musalonjeze kuti wowerenga adzapeza zofanana ndendende. Mwanena zimene zinachitika ku sukulu imodzi chaka chimodzi, zilekeni pomwepo.

Pempho likhale limodzi, laling'ono, loti munthu angalichite ali pa foni pomwe wakhalapo. "Ndiyankheni ndi chiwerengero cha matumba" ndi ntchito ya masekondi ochepa, ndipo yankho lake limakuuzani kukula kwa malonda. "Tiimbireni, bwerani ku sitolo, onani tsamba lathu, uzaninso anzanu" ndi mapempho anayi, ndipo munthu wopatsidwa zinayi amazisiya zonse kuti adzaziona mawa. Musapemphenso kuti agule lero. Ndalama za sukulu kapena za kopaletivi sizituluka ndi munthu mmodzi, zimadutsa m'komiti, ndipo chimene wowerenga wanu akufuna ndi pepala la mtengo loti akaonetse kumeneko. Inunso lonjezani chinthu chokhala ndi tsiku, ndipo tsikulo mulisunge.

Moni, siginecha ndi mutu

Moni ndi mzere umodzi pamwamba, suwerengedwa ngati ndime. Ngati dzina mukulidziwa, lembani "Muli bwanji a Uje," kapena "Amayi Uje,". Ngati simukulidziwa, udindo ndi wabwino kuposa "Okondedwa makasitomala": lembani "Kwa a msungichuma,". Ngati simunakumanepo, onjezani chiganizo chachifupi chonena kumene munapeza adiresi yawo, mwachitsanzo kuti analembetsa pa chionetsero cha zaulimi. Pansi ikani dzina lanu, dzina la sitolo, malo ake ndi nambala imodzi ya foni, komanso mzere wakuti amene sakufuna kulandiranso angoyankha kuti "ayi" ndipo mudzaleka. Akayankha choncho, lekanidi.

Mutu, umene umalowa m'bokosi la Subject, lembani pomaliza, nkhani itatha. Ambiri adzauona pa foni, pamene pamaoneka zilembo pafupifupi 30 mpaka 40, zotsala zimadulidwa. Choncho chofunika chikhale kutsogolo: "Chimanga: otayika 14, kenaka 2". Mutu ngati "Uthenga wofunika kuchokera ku sitolo yathu" umatha malo usananene kanthu. Zilembo zazikulu zokhazokha ndi zizindikiro zofuula zambiri zimapangitsa imelo kuoneka ngati ya achinyengo. Pansi pa mutu foni imaonetsanso mawu oyamba a imeloyo, chimene ndi chifukwa china chosayambira ndi mbiri ya sitolo yanu.

Kutumiza

Tumizani ngati kalata wamba, mawu okhaokha. Zithunzi zikuluzikulu ndi PDF yomata zimadya bandulo ya wowerenga, zimachedwa kutseguka kumene netiweki ili yofooka, ndipo mu Gmail imelo yodzaza zithunzi ndi malinki kawirikawiri imagwera mu Promotions m'malo mwa Primary. Ngati chithunzi n'chofunika, chikhale chimodzi chochepetsedwa, cha matumba osanjikidwa m'sitolo, chopanda nkhope za ana.

Yambani mwadzitumizira nokha, muitsegule pa foni. Ngati ndime imodzi yadzaza sikirini yonse, yatalika. Iwerengeni mokweza, ndipo pamene mpweya wakutherani dulani chiganizo. Yang'ananinso nambala iliyonse ndi zimene munakopera m'buku, chifukwa 14 kusanduka 41 ndi kulakwitsa kwa chala chimodzi, koma kasitomala wanu ndi amene adzafunsidwa.

Tumizani kwa munthu mmodzimmodzi. Ngati sukulu zili khumi, kulemba moni khumi si ntchito yolemetsa, ndipo aliyense amaona kuti kalatayo ndi yake. Kuika maadiresi onse mu To kapena mu Cc kumaonetsa aliyense maadiresi a anzake popanda chilolezo chawo, ndipo mmodzi akadina Reply all onse amalandira yankho lake. Ngati mwakakamizika kutumiza pamodzi, gwiritsani ntchito Bcc.

Nthawi yotumizira imatsata kalendala ya wowerenga. Nkhani ya matumba ikafika mu Okutobala, chimanga chili kale m'masaka wamba ndipo ndalama zatha. Ifike kumapeto kwa Epulo kapena mu Meyi, pamene akukonza bajeti yogulira. Sankhani m'mawa wa pakati pa sabata, osati sabata yotsegulira sukulu pamene ofesi ya msungichuma yadzaza makolo. Ngati mwalemba usiku, Schedule send ya mu Gmail idzaitumiza pa ola limene mwasankha.

Ikapanda kuyankhidwa

Dikirani masiku asanu kapena sabata imodzi, kenaka yankhani pa imelo yomweyo ndi ziganizo ziwiri: kukumbutsa kuti Juni wayandikira, ndi kubwereza pempho lija. Chitani zimenezi kamodzi. Ngati munthuyo mumadziwana, uthenga wa pa WhatsApp wakuti mwamutumizira imelo umathandiza, pakuti maadiresi ena a maofesi satsegulidwa tsiku lililonse.

Mmene anthu ayankhira mumakuuzani pamene pavuta. Ngati mwa anthu khumi palibe ndi mmodzi yemwe, imbirani awiri mufunse ngati anaiona. Akati sanaione, vuto ndi adiresi, mutu, kapena yagwera mu Spam, ndipo ndime zanu zilibe mlandu. Akati anaiona koma "ife zathu n'zosiyana," ndiye kuti kasitomala amene munasankha sakufanana nawo, pezani nkhani ina. Akayankha ndi mafunso ngati "zimatenga nthawi yaitali bwanji kumanga?" ndime yachiwiri ikusowa mfundo imeneyo, ionjezeni musanatumizire ena. Akati "n'zabwino kwambiri" osatchula chiwerengero cha matumba, pempho lanu silinamveke kapena labisika pakati pa mawu ena, liikeni likhale chiganizo chomaliza pachokha. Sinthani chinthu chimodzi pa ulendo umodzi, kuti mudziwe chimene chathandiza.

Nkhaniyo imakalamba. Disembala wotsatira akafika, bwererani ku Katete mukaonenso buku. Ngati matumba omwe aja agwira chaka chachiwiri, lembani angati anagwiritsidwanso ntchito ndi angati anabooka, musinthe ndime yachitatu, ndipo mupemphenso chilolezo musanatumize.